Pamsasa saipitsa: kalata ya namwino wosiya ntchito chifukwa cha sukulu

Chaka chilichonse, masukulu aukachenjede akatulutsa mayina a anthu amene asankhidwa kukapitiriza maphunziro, pamatebulo a mametironi m'zipatala zathu pamayamba kufika makalata. Namwino amene wagwira ntchito zaka zingapo ali ndi dipuloma wapeza malo oti akatenge digiri. Wina wa digiri akupita kukazama pa uzamba, pa matenda a ana kapena pa matenda a maganizo. Ena mwa iwo chipatala chimawapatsa tchuthi cha maphunziro. Ena mwayi umenewo sakhala nawo, ndipo kuti akalowe m'kalasi ayenera kuyamba asiya ntchito.

Kalata yosiya ntchito siposa tsamba limodzi, ndipo ambiri amailemba mothamanga usiku woti mawa akaipereke. Komatu ikalowa m'fayilo imakhalamo zaka zambiri. Ndiyo imanena tsiku limene ubale wa namwino ndi chipatala utha. Kuchokera pa tsikulo ndi pomwe amawerengera ndalama zoti alandire kapena zoti abweze. Ndipo akadzabwera kudzapempha ntchito, amene adzatsegule fayiloyo mwina sadzakhala munthu womudziwa. Chimene adzachipeze ndi kalatayo basi.

Funso loyamba: kodi n'koyeneradi kusiya?

Namwino asanagwire cholembera ayenera kudziwa kuti kusiya ntchito ndi kupita kutchuthi cha maphunziro ndi zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Wopita kutchuthi cha maphunziro amakhalabe wantchito wa chipatalacho. Dzina lake limakhalabe m'kaundula, zaka zake zimapitiriza kuwerengedwa, ndipo akamaliza amabwerera pamalo pake. Tchuthicho chikakhala cholipidwa, kawirikawiri amasayinitsidwa bondi, lomwe ndi pangano lakuti akamaliza sukulu adzagwira ntchito pamalopo kwa nthawi yakutiyakuti, apo ayi adzabweza ndalama zimene anamuwonongera. Wosiya ntchito alibe pangano lomumanga, koma alibenso malo omudikira.

Kusiyana kumeneku kumaluma kwambiri kwa amene ali m'boma kapena m'zipatala za mishoni zomwe zili pansi pa bungwe la CHAM. Ntchito za m'malo amenewa sizituluka tsiku lililonse, ndipo alipo anamwino ambiri amene anamaliza maphunziro koma akudikirabe kulembedwa. Munthu akasiya, pobwerera amayambiranso kulemba kalata yofunsira ntchito ndi kukhala pa intavyu ngati wina aliyense. N'chifukwa chake nzeru ndi kuyamba wapempha tchuthi cha maphunziro polemba, ngakhale chosalipidwa, n'kudikira yankho lolembedwanso. Zikakanika, kapena ngati namwinoyo ali pa kontirakiti ya chipatala cholipiritsa kapena ya pulojekiti imene ilibe dongosolo la tchuthi chotere, pamenepo kalata yosiya ntchito yafika nthawi yake.

Pali zinthu zina ziwiri zoyenera kukhala m'manja. Choyamba ndi kalata yeniyeni ya kusukulu yomuitana, yokhala ndi tsiku loyambira maphunziro. Kuona dzina pamndandanda umene anthu akutumizirana pafoni sikokwanira. Chachiwiri ndi chitsimikizo cha kumene fizi ichokere. Ngati ndi bungwe lolipirira ophunzira, lilembe. Chifukwa chake n'chakuti kalata yosiya ntchito ikaperekedwa, kuibweza kumadalira abwana kuvomera. Sukulu ikasintha tsiku lotsegulira, kapena wolipira fizi akabwerera m'mbuyo, namwino akhoza kupezeka ali pakhomo, ntchito palibe, kalasi palibenso.

Kuwerenga masiku

Mtima wa kalatayi ndi tsiku lomaliza kugwira ntchito, ndipo tsikulo samangolisankha mwachisawawa. Lamulo la za ntchito la dziko lino, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 2000, limati munthu wolandira malipiro pamwezi, amene ntchito yake ilibe tsiku lothera, apereke notisi ya mwezi umodzi. Umenewo ndi mlingo wochepetsetsa. Kalata imene namwino analembedwera ntchito, kapena buku la malamulo a pantchitopo, likhoza kufuna nthawi yotalikirapo, malo ena mpaka miyezi itatu. Amene ali m'boma ayang'anenso malamulo a ogwira ntchito m'boma ndi kufunsa kuofesi yoona za antchito. Choncho ntchito yoyamba ndi kufukula kalata yakale ija n'kuwerenga ndime ya notisi.

Tiyerekeze ndi namwino wa muwodi ya amayi oyembekezera pachipatala china cholipiritsa, wolandira K450,000 pamwezi, amene kontirakiti yake imafuna notisi ya mwezi umodzi. Kalata ya kusukulu yamupeza pa 10 Julayi, ndipo maphunziro ayamba pa 7 Sepitembala. Akawerenga chobwerera m'mbuyo aona kuti akufuna sabata imodzi yosamukira ndi kulembetsa kusukulu, choncho tsiku lomaliza likhale 31 Ogasiti. Kuti mwezi ukwane, kalata iyenera kukhala italandiridwa pofika 31 Julayi. Tikunena kulandiridwa, osati kulembedwa, pakuti notisi imayamba kuyenda abwana akaidziwa. Kalata yolembedwa pa 31 Julayi koma n'kukhala m'chikwama mpaka 8 Ogasiti yataya sabata yathunthu.

Nanga akazengereza, poopa kuyang'anizana ndi a metironi, n'kukapereka pa 20 Ogasiti? Notisi yake idzatha cha pa 20 Sepitembala, iye ali kale m'kalasi. Akachoka pa 4 Sepitembala, wasiya pafupifupi theka la mwezi losagwira. Lamulo lija limati wantchito wochoka notisi isanakwane alipire abwana ndalama yofanana ndi malipiro amene akanalandira m'masiku otsalawo, pokhapokha abwanawo atamukhululukira. Kwa namwino wathuyu ndi ndalama yoposa K200,000, pa nthawi imene akusaka ya fizi, ya nyumba ndi ya thiransipoti. Ngati sukulu yaitana mochedwa ndipo masiku sakukwana, njira ndi kupempha m'kalata momwemo kuti notisi ifupikitsidwe, n'kumata kope la kalata ya kusukulu ngati umboni. Abwana ambiri amamva pempho lotere likabwera poyera. Chimene samva ndi kungoona munthu sakubwera.

Palinso nkhani ya rosita. M'mawodi ambiri a inichaji amakonza rosita ya mwezi wotsatira mwezi uno usanathe. Amayenera kugawa manaiti, masiku a ofu ndi a tchuthi pakati pa anthu ochepa kale. Namwino wopereka kalata pa 31 Julayi, atawanong'onezako a inichaji sabata ziwiri m'mbuyomo, wawapatsa mpata wokonza rosita ya Sepitembala popanda dzina lake ndi wopempha munthu wina. Wochoka mwadzidzidzi amasiya manaiti ake pamutu pa anzake, ndipo anthu amene anagwira naiti yowonjezera chifukwa cha iye sachedwa kumukumbukira dzina lake likadzatchulidwanso.

Kalata yake

Pantchito zambiri m'dziko muno kalata zotere zimalembedwa m'Chingerezi, koma mafupa ake ndi omwewo m'chiyankhulo chilichonse. Imapita kwa amene ali ndi mphamvu yolemba ndi kuchotsa antchito, osati kwa mnzako wamkulu wa muwodi. Pachipatala cholipiritsa kapena cha mishoni amakhala mkulu woyendetsa chipatalacho. M'boma, kalata imatsata makwerero, kuchokera kwa a inichaji kupita kwa mkulu wa anamwino, mpaka kwa mkulu wa zaumoyo m'bomalo kapena wa chipatala chachikulu. N'chifukwa chake pamwamba pake pamalembedwa mawu akuti “kudzera kwa”, ndipo aliyense wodzeredwayo amasayina. Kulumpha a metironi n'kukaponya kalata kuofesi yapamwamba ndi mwano umene anthu a m'chipatala saiwala msanga. Nachi chitsanzo cha namwino wathu uja, titachotsa mayina ndi ma adiresi:

31 Julayi

Kwa a Mkulu wa Chipatala
Kudzera kwa a Metironi
Kudzera kwa a Inichaji a wodi ya amayi oyembekezera

Bwana,

KUSIYA NTCHITO YA UNAMWINO NDI UZAMBA

Ndalemba kalatayi kukudziwitsani kuti ndikusiya ntchito yanga ya unamwino ndi uzamba pachipatala chino. Ndikupereka notisi ya mwezi umodzi monga mwa kontirakiti yanga, ndipo tsiku langa lomaliza kugwira ntchito lidzakhala 31 Ogasiti.

Ndasankhidwa kukachita maphunziro a digiri ya unamwino ndi uzamba amene ayambe pa 7 Sepitembala. Ndamata kope la kalata yondiitana.

Ndikuthokoza chifukwa cha zaka zinayi zimene ndagwira ntchito pano. Ndi muwodi ino mmene ndinaphunzira kuthandiza mayi wotaya magazi atabereka ndi kutsitsimutsa khanda lobadwa lisakupuma. Ndikuthokozanso kuti munanditumiza kumaphunziro a chisamaliro cha amayi pa ngozi za uchembere, amene andithandiza kuti ndisankhidwe.

M'mwezi watsalawu ndigwira ntchito monga ilili rosita. Pofika 28 Ogasiti ndidzakhala nditapereka makiyi, makaundula ndi katundu yense amene ali m'manja mwanga kwa amene mundiuze. Ndikupempha kuti mundiwerengere masiku anga a tchuthi otsala, komanso mundipatse chikalata chosonyeza nthawi imene ndagwira ntchito pano.

Pa nthawi ya holide ndidzakhala wokonzeka kugwira lokamu mukandifuna, ndipo ndikadzamaliza maphunziro ndingakondwe kudzafunsiranso ntchito pano ngati malo adzakhalapo. Nambala yanga ya foni ndi imelo zili m'munsimu.

Ndine wanu,
Dzina, nambala ya pantchito ndi siginecha

Onani kuti ndime yoyamba yamaliza kale nkhani yonse ya malamulo: akusiya, udindo wake ndi wakuti, tsiku lomaliza ndi ili. Mawu ngati “ndikuganiza zosiya” kapena “ndidzachoka kumapeto kwa mwezi wa mawa” amasokoneza ofesi ya malipiro, chifukwa sadziwa ngati ndi pempho, chidziwitso kapena maganizo chabe. Tsiku lilembedwe ndi nambala.

Kuthokoza kumene kumamveka

Makalata ambiri amangoti “ndikuthokoza chifukwa cha zonse zimene mwandichitira”. Mawu amenewa angalembedwe ndi dalaivala, mlonda kapena kalaliki, ndipo wowerenga amangodumphapo. Kuthokoza kwa namwino wathu kwatchula zinthu ziwiri zimene manja ake anaphunzira muwodi imeneyo, ndi maphunziro amodzi amene chipatala chinamutumizako. Zimenezi zikugwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. A metironi akuona kuti thukuta lawo lophunzitsa munthu silinapite pachabe. Ndipo wodzatsegula fayilo patapita zaka adzadziwiratu kuti munthuyu anagwira muwodi iti ndipo amatha chiyani.

Pali malire ake. Namwino asatchule dzina la wodwala aliyense, ngakhale nkhani yake itakhala yokoma chotani, pakuti chinsinsi cha wodwala sichitha ndi kontirakiti. Asachulukitsenso matamando mpaka kalata kumveka ngati mawu a pa phwando lotsanzikana. Ziganizo ziwiri kapena zitatu zoona zakwana.

Nanga ngati mumtima muli zowawa? Mwina ndalama za lokamu zinkachedwa, mwina anamulumpha pa kukwezedwa, mwina a inichaji ankamuyika naiti pa Khirisimasi chaka ndi chaka. Zonsezi zikhoza kukhala zoona, koma malo ake si kalata iyi. Madandaulo ali ndi njira yawo: kukambirana ndi abwana potsanzikana, kalata ina yapadera, kapena bungwe la anamwino ndi azamba la NONM. Akuluakulu anati pamsasa saipitsa, pakuti wapaulendo sadziwa tsiku limene mvula idzamubwezere pomwepo.

Komabe pali chenjezo limodzi. Kalata yothokoza ndi ya munthu amene akuchokadi chifukwa cha sukulu. Ngati chenicheni chomuchotsa ndi nkhanza za abwana zosapiririka, lamulo la za ntchito limamulola kuchoka ngakhale popanda notisi, ndipo nkhaniyo ingatengedwe ngati kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo kubwalo loweruza milandu ya pantchito. Munthu wotere akasayina kalata yonena kuti akuchoka mosangalala, wadzichepetsera yekha umboni. Ayambe wafunsa kuofesi ya leba kapena kwa odziwa malamulo.

Chitseko chimene chimatsalira chotsegula

Kwa namwino, kubwerera kumene anachoka si nkhani ya mwina. Maphunziro a unamwino sathera m'kalasi. Wophunzira ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inayamba mu 2021 pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, kapena ku Mzuzu University, amatumizidwa m'mawodi kukaphunzira pogwira ntchito. Zipatala zikuluzikulu zotumizirako odwala ndi zowerengeka: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, cha Zomba ndi cha Mzuzu, kuphatikizapo cha matenda a maganizo ku Zomba. Zina zonse ndi za m'maboma, za mishoni ndi zolipiritsa, ndipo anthu ake amasinthidwasinthidwa pakati pa malo omwewa. Sisita amene unamusiyira manaiti lero ndi amene angadzasayine buku lako la pulakitiko mawa. Metironi amene unamulumpha angadzakhale pa tebulo la intavyu, kapena ndi amene sukulu ndi olemba ntchito angadzamuimbire foni kufunsa za khalidwe lako. Wochita kafukufuku wa digiri yake amafunanso chilolezo cha chipatala kuti afunse odwala kapena awerenge makaundula.

Ndime yomaliza ya kalata ija yatsegula chitseko ndi zinthu zogwirika. Lokamu ndi ntchito ya maola owonjezera imene zipatala zimalipira pofuna kutseka mipata ya rosita, ndipo kwa wophunzira wodzilipirira ndi kandalama ka sopo ndi ka mabuku, komanso manja sachita dzimbiri. Koma onani kuti namwinoyo sanalonjeze kuti adzabwerera. Wati angakondwe kudzafunsira ngati malo adzakhalapo. Kulemba kuti “ndikamaliza ndibwera ndithu” n'kudzimanga ndi chingwe chimene palibe wakupempha, ndipo ukadzapita kwina umaoneka wabodza. Sanapemphenso kuti amusungire malo, pakuti wosiya ntchito sasungiridwa malo.

Mwezi womaliza

Kalata yabwino imagwa mphwayi ngati mwezi wa notisi wayenda moipa. Pali anamwino amene akangopereka kalata amayamba kudwaladwala, kufika mochedwa ndi kusinthanitsa mashifiti osauza a inichaji. Anthu amakumbukira mwezi womalizawo kuposa zaka zinayi zapitazo.

Kupatsirana ntchito kwa namwino kuli ndi zinthu zimene siziyenera kuchitika pakamwa pokha. Ngati amasunga makiyi a kabati ya mankhwala otetezedwa, monga petidini ndi mofini, awerenge mabotolo onse pamodzi ndi womulandira, afananize ndi zimene zili m'kaundula, ndipo onse awiri asayine ndi kulemba tsiku. Botolo limodzi likadzasowa patatha sabata, siginecha imeneyo ndi imene idzamuchotse m'mlandu. Chimodzimodzi makina oyezera kuthamanga kwa magazi, kaundula wa obereka, lipoti la mwezi limene amalemba, ndi ntchito ina iliyonse yapadera imene anapatsidwa, monga kuyang'anira ukhondo wopewera matenda muwodi. Zonse zilembedwe pa pepala limodzi, makope awiri. Ngati amakhala m'nyumba ya chipatala, afunse tsiku loti atulukemo ndipo alipire mabilu a madzi ndi magetsi. Zikatere fomu ya kiliyaransi, imene madipatimenti amasayina kusonyeza kuti munthu alibe ngongole ya katundu, siyivuta.

Kalata yeniyeniyo ipitenso ndi makope awiri. Limodzi lisiyidwe, linalo lidindidwe chidindo cha tsiku lolandirira n'kusungidwa pamodzi ndi masatifiketi. Uthenga wa pafoni wopita kwa a inichaji ndi ulemu chabe, si notisi. Popanda umboni wakuti kalata inalandiridwa, munthu akhoza kulembedwa m'fayilo kuti anathawa ntchito, ndipo mawu amenewo amatseka zitseko zambiri kuposa china chilichonse. Malipiro akapitiriza kulowa mu akaunti atachoka, asadye. Ndalama imeneyo si yake, ndipo adzauzidwa kubweza.

Za ndalama ndi mapepala

Ambiri amadabwa pa tsiku lolandira ndalama zomaliza chifukwa amayembekezera zimene lamulo silinena. Wosiya ntchito mwakufuna kwake salandira ndalama ija imene amapatsidwa anthu ochotsedwa chifukwa cha kuchepetsa antchito kapena ochotsedwa mopanda chilungamo. Chake ndi malipiro a masiku amene wagwira ndi ndalama ya masiku a tchuthi amene anawapeza koma sanapite. Lamulo limapereka masiku osachepera 18 pachaka kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pasabata, ndi 15 kwa wogwira masiku asanu. Ngati namwino wathu watsala ndi masiku 12, asangoganiza yekha kuti awachotsera pa notisi n'kuleka kubwera pakati pa Ogasiti. Apemphe, ndipo yankho lilembedwe. Lamulo lomweli limati ndalama zomaliza ziperekedwe pasanathe masiku asanu ndi awiri ntchito itatha.

Chikalata chosonyeza nthawi imene wagwira ntchito ndi ufulu wake akachipempha. Chimatchula dzina la chipatala, kutalika kwa nthawi, udindo wake ndi malipiro ake, koma sichinena za kagwiridwe kake ka ntchito pokhapokha mwiniwake atafuna. Kalata yomuchitira umboni ndi ina, ndipo ndi bwino kuipempha kwa a metironi asanachoke, nkhope yake ikadali m'maso mwawo. Ndalama za penshoni zimene iye ndi abwana akhala akusonkha sizitayika. Zimakhalabe m'dzina lake kukampani yosunga penshoni, choncho atenge nambala yake ya umembala ndi sitetimenti yomaliza. Ngati ali ndi ngongole ya kubanki kapena ya SACCO imene imadulidwa pa malipiro, akakambirane nawo malipirowo asanayime.

Chomaliza ndi kaundula wa bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi. Kusiya ntchito pachipatala sikuchotsa dzina m'kaundulayu, koma chiphaso chogwirira ntchito chimakonzedwanso chaka ndi chaka, ndipo wophunzira wosowa ndalama amakopeka kuti angochileka kufikira atamaliza. Popanda chiphaso chamoyo, lokamu imene analonjeza m'kalata sangaigwire. Amene akupita kukaphunzira kunja adzafunanso kalata ya bungweli yotsimikizira kuti ndi namwino wolembetsedwa wopanda mlandu.

Tsono inu amene kalata ya kusukulu yakupezani, musayambe ndi kulemba. Pemphani kaye tchuthi cha maphunziro. Chikakanika, werengani ndime ya notisi m'kontirakiti yanu, muwerengere masiku chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku lotsegulira sukulu, ndipo mukawauze a inichaji pamaso kalata isanafike pa tebulo lawo. Kenako lembani tsamba limodzi, mutenge kope lodindidwa, ndipo mugwire shifiti iliyonse ya pa rosita kufikira tsiku limene munalemba ndi dzanja lanu.